Buku ndi banki zikasiyana: zimene amafunsa akauntanti pa intavyu

Pa intavyu ya ntchito ya akauntanti, nthawi zambiri pamafika mphindi imene mmodzi mwa ofunsa amakankhira pepala kwa wofunsidwa. Papepalapo pamakhala manambala awiri. Buku la ndalama la kampani, limene m'maofesi amati kashibuku, likusonyeza kuti pa 30 Juni kubanki kuli K4,860,000. Sitetimenti yochokera kubanki ya tsiku lomwelo ikusonyeza K5,712,500. Funso limakhala lalifupi: "Achimwene, ndalama zenizeni za kampaniyi ndi ziti, ndipo muyambira pati?"

Masatifiketi a ICAM, ACCA kapena digiri ya ku yunivesite amakhala atawaona kale pa kalata yofunsira ntchito. Chimene ofunsa sangachione pa satifiketi ndi khalidwe la munthu manambala akakana kugwirizana: kodi amafufuza mwadongosolo, amachita mantha, kapena amafuna njira yachidule yoti kusiyanako kungozimiririka? Mafunso ena onse, a njira zotetezera ndalama, a masiku omalizira ntchito ndi a kugwira zolakwika, amazungulira pamenepa. N'chifukwa chake ndi bwino kuliyenda pepalali mpaka kumapeto.

Choyamba chimene wofunsidwa ayenera kunena n'chakuti nambala zonse ziwirizi zikhoza kukhala zosakwanira, ndipo kusiyana pakokha si umboni woti wina waba. Kampani ndi banki zimalemba nkhani ya ndalama zomwezo, koma aliyense amadziwa zinthu zina mnzake asanazidziwe. Banki imadula ndalama zosungira akaunti popanda kuuza munthu tsiku lomwelo. Kasitomala amatha kutumiza ndalama mwachindunji ku akaunti osaimba foni. Nayo kampani imalemba cheke m'buku tsiku limene yachipereka, koma wolandirayo amatha kuchisunga m'dirowa sabata ziwiri asanapite nacho kubanki. Ntchito yoyanjanitsa buku ndi sitetimenti, imene amati rikonsiliyeshoni, ndi kupeza zinthu zoterezi chimodzichimodzi mpaka kusiyana konse, kumene pano ndi K852,500, kutafotokozedwa.

Njira yake ndi yachikale ndipo sinasinthe ngakhale kuli makompyuta. Umayamba ndi rikonsiliyeshoni ya mwezi watha, kuona ngati zinthu zimene zinatsala mu Meyi zatuluka pa sitetimenti ya Juni. Ambiri amaiwala kutchula sitepe imeneyi, ndipo ofunsa odziwa ntchito amaona kuti yaiwalika. Kenako umatenga mzere uliwonse wa pa sitetimenti n'kuufunafuna m'buku, n'kuchonga mbali zonse ziwiri. Zosachongedwa ndizo nkhani.

Tinene kuti pa sitetimenti patsala zinthu ziwiri zimene m'buku mulibe: K38,500 imene banki yadula, ndi K450,000 imene kasitomala watumiza. M'buku namonso mwatsala ziwiri zimene pa sitetimenti palibe: cheke cha K786,000 chimene tinapereka kwa wotigulitsa katundu pa 27 Juni, ndi K300,000 imene keshiya analandira pa 30 Juni madzulo n'kulemba kuti yapita kubanki.

Apa ndi pamene ofunsa amatchera khutu kwambiri, chifukwa zinthu zinayizi sizichitidwa mofanana. Ziwiri zoyambazo zinachitikadi ndipo buku lathu ndilo latsalira, choncho timakonza bukulo. Pa K4,860,000 tichotsa K38,500 n'kuwonjezera K450,000, ndipo buku lifika pa K5,271,500. Ziwiri zinazo tinazilemba kale molondola, banki ndiyo sinazione. Zimenezi sitizilembanso m'buku. Timangozisonyeza pa pepala la rikonsiliyeshoni. Pa K5,712,500 ya banki tichotsa cheke chija cha K786,000 n'kuwonjezera K300,000, ndipo tipeza K5,226,500. Wofunsidwa amene wanena kuti abweza cheke chosatulukacho m'buku kuti zigwirizane ndi banki wasonyeza kuti sanagwirepo ntchitoyi ndi manja ake. Chekecho chikadali m'manja mwa mwiniwake, ndipo tsiku lililonse akhoza kupita nacho kubanki.

Koma taonani: buku lili pa K5,271,500, banki pa K5,226,500. Patsala K45,000. Ofunsa amasiya dala kusiyana kotereku, ndipo amafunsa mofatsa kuti, "Nanga iyi K45,000?"

Akauntanti wozolowera asanabwerere ku mapepala onse, amayamba wayesa nambala yotsalayo. Amafunsa ngati pali chinthu cha K45,000 ndendende chimene chadumphidwa. Ngati palibe, amaigawa pawiri n'kufufuza chinthu cha K22,500, chifukwa ndalama ikalembedwa mbali yolakwika kusiyana kumakhala kuwirikiza kawiri kwa ndalamayo. Mwachitsanzo, ikanakhala kuti K38,500 ija yalembedwa ngati yolowa m'malo mwa yotuluka, buku likanaphonya ndi K77,000. Zikakanika zimenezi, amagawa ndi 9. Pano K45,000 igawika bwinobwino, yankho n'kukhala 5,000. Mu Excel ena amangolemba chonchi, ndipo yankho likakhala 0 ndiye kuti yagawika:

```
=MOD(45000,9)
```

Kugawika ndi 9 kumaloza ku cholakwika chimene zala zimachita kawirikawiri, kusinthanitsa manambala awiri oyandikana. Chifukwa chake ndi cha masamu chabe. Nambala ikasuntha kuchoka pa malo a makumi kupita pa malo a umodzi imataya magawo 9 pa 10 a mtengo wake, ndipo inzake imapindula mofananamo, choncho kusiyana kwa 72 ndi 27, kapena 83 ndi 38, nthawi zonse kumagawika ndi 9. Yankho lija la 5,000 limathandizanso kuchepetsa pofufuza: likutiuza kuti manambala osinthanitsidwawo amasiyana ndi 5, monga 7 ndi 2, kapena 6 ndi 1, ndipo ali pa malo a masauzande. Ndiye m'malo moona mizere mazana atatu, umaona yokhayo imene ili ndi manambala otere moyandikana. M'chitsanzo chathu upeza kuti banki inalipira wotigulitsa mafuta K672,000, invoisi yake ikunenanso K672,000, koma wolemba m'buku analemba K627,000. Diso linachonga mzerewo chifukwa manambala ake ndi omwewo. Tikachotsa K45,000 yotsalayo m'buku, lifika pa K5,226,500, ndipo mbali zonse zagwirizana. Imeneyi ndiyo ndalama imene kampani ingawerengere kuti ili nayo.

Njira ya 9 ili ndi malire ake, ndipo wofunsidwa wowatchula amapeza ulemu. Kuiwala ziro kumaperekanso kusiyana kogawika ndi 9: K90,000 ikalembedwa K9,000, kusiyana ndi K81,000. Komanso nambala ikhoza kugawika ndi 9 mwangozi, kapena K45,000 ija ikhoza kukhala zolakwika ziwiri zophatikizana, china cha K60,000 mbali iyi ndi china cha K15,000 mbali inayo. Kugawa ndi 9 kumangokuuza poyambira. Umboni ndi invoisi, vocha ndi sitetimenti.

Pamenepa ena mwa ofunsa amaponya nyambo. Amati, "Bwanji ikanakhala K4,500 yokha, ndipo nthawi ndi 6 koloko madzulo? Simungangoilemba ngati ndalama zodula banki tizipita?" Yankho loyenera ndi ayi, ndipo chifukwa chake tachinena kale: kusiyana kwakung'ono kukhoza kukhala mutu chabe wa zolakwika ziwiri zazikulu zimene zatsala pang'ono kufafanizana. Pa rikonsiliyeshoni ya banki tambala iliyonse ili ndi pepala lake penapake. Munthu wolemba nambala yongopeka kuti zigwirizane amakwirira chinthu chimene sakuchidziwa kukula kwake, ndipo ine ndikanakhala pa gulu la ofunsa, yankho lokhali likanandikwanira kuti ndisamulembe ntchito, ngakhale atayankha bwino zina zonse.

Pepala lija silinathe ngakhale manambala agwirizana. Wofunsidwa wakuthwa amabwerera ku K300,000 imene keshiya analemba kuti yapita kubanki pa 30 Juni, n'kunena kuti adzaiyang'ana pa sitetimenti ya Julayi. Ndalama yoikidwa kubanki pa tsiku lomaliza la mwezi iyenera kuoneka tsiku logwira ntchito lotsatira. Ikaoneka pa 20 Julayi, funso ndi lakuti inali kuti masabata atatu onsewo. Pali kabedwe kodziwika bwino kamene kamabisala pomwepa. Keshiya amatenga ndalama ya kasitomala woyamba, n'kudikira kuti wachiwiri alipire, n'kugwiritsa ntchito ya wachiwiriyo kutseka dzenje la woyamba, kenako ya wachitatu kutseka la wachiwiri. Mwezi uliwonse rikonsiliyeshoni imagwirizana, koma pamakhala ndalama "ili m'njira" imene imachedwa kufika ndipo imakulirakulira. Chizindikiro china n'chakuti makasitomala amene kale ankalipira msanga amaoneka ngati ayamba kuchedwa, ndipo wolemba bukuyo safuna kupita kutchuthi. Cheke chosatuluka nachonso chili ndi msinkhu wake: pakatha miyezi isanu ndi umodzi banki sichilandiranso, choncho cheke chokhala pa mndandanda mwezi ndi mwezi chimafuna kuti wina aimbe foni kwa mwiniwake.

Kuchokera apa mafunso amalowa okha ku njira zotetezera ndalama mkati mwa kampani. Funso lofala ndi lakuti, "Ndani ayenera kuchita rikonsiliyeshoni?" Asakhale amene amalandira ndalama kapena kukonza malipiro. Munthu mmodzi akakhala wolandira ndalama, wolemba m'buku komanso woyanjanitsa ndi banki, ndiye kuti akudzichonga yekha mayeso ake. Mfundo ya kugawa ntchito imati wovomereza malipiro, wosunga ndalama, ndi wolemba m'buku akhale anthu osiyana, ndipo rikonsiliyeshoni ikatha aione munthu wina wamkulu, asainire ndi kulemba tsiku. Woionayo atenge sitetimenti yake kubanki mwachindunji, osadalira imene wamusindikizira wolembayo, pakuti pepala losindikiza pa kompyuta limasinthika mosavuta.

Vuto n'lakuti maofesi ambiri kuno kwathu ndi aang'ono. Bungwe la m'boma lina, sukulu ya mpingo kapena kampani ya anthu khumi ndi awiri imakhala ndi akauntanti mmodzi ndi womuthandiza mmodzi basi. Ofunsa amadziwa zimenezi, ndipo amafunsa kuti mutani pamene anthu ogawana ntchito palibe. Kubwereza za m'buku kuti "tilembe anthu ena" sikuthandiza. Yankho logwira mtima limafufuza maso ena m'nyumba momwemo: malipiro aliwonse a kubanki avomerezedwe ndi anthu awiri, mmodzi asakhale wa ku akaunti, mkulu wa bungwe azilandira sitetimenti pa imelo yake ndipo aziiwerenga, ndalama zapamanja za zogula zing'onozing'ono aziziwerenga mwadzidzidzi, osanena tsiku, kuona ngati ndalama zotsala m'bokosi kuphatikiza mavocha zikukwana zimene zinaperekedwa. Masiku ano pamawonjezereka nambala za Airtel Money ndi TNM Mpamba zimene makasitomala amalipirirako. Nazonso zimafuna rikonsiliyeshoni yakeyake, ndipo nambalayo ikhale ya kampani, osati ya foni ya wogwira ntchito.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimafuna wofunsidwa aliyense atachimvetsa, chifukwa chimasiyanitsa wodziwa kuchonga ndi wodziwa ntchito. Rikonsiliyeshoni ya banki singagwire malipiro abodza amene alembedwa bwino. Tibwerere ku K672,000 ya mafuta ija. Ngati mafutawo sanabwere n'komwe, koma invoisi inalipidwa ndipo inalembedwa molondola, buku ndi banki zidzagwirizana ndendende. Thirayo balansi, mndandanda umene umasonyeza ngati mbali ziwiri za maleja onse zikufanana, nawonso udzagwirizana. Umagwirizananso chinthu chikaiwalika mbali zonse ziwiri, kapena chikalembedwa pa akaunti ya kasitomala wolakwika, kapena galimoto yatsopano ikalembedwa ngati ndalama zokonzetsera galimoto. Chimene chimagwira malipiro abodza ndi kuyerekeza mapepala atatu musanalipire: oda imene kampani inapereka, imene ambiri amati LPO, pepala losonyeza kuti katundu walandiridwa kusitolo, ndi invoisi. Kuchuluka kwa katundu, mtengo ndi dzina la wogulitsa zifanane pa onse atatu. Mukalipira, mapepalawo adindidwe kuti alipidwa, kuti invoisi yomweyo isadzabwerenso mwezi wamawa itavala vocha yatsopano.

Amalawi sitifunika kupita kutali kuti tione zimenezi. Pa nkhani ya Kashigeti ya 2013, ndalama za boma zinkalipidwa ku makampani amene sanapereke katundu kapena kugwira ntchito iliyonse, ndipo zolembedwa zake zinkafufutidwa mu IFMIS, dongosolo la pakompyuta loyendetsera ndalama za boma. Maodita a kampani ya ku Britain ya Baker Tilly atafufuza miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Sepitembala chaka chimenecho, anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinalowa m'madzi. Wofunsidwa akhoza kutchula nkhaniyi, koma aitchule ndi phunziro lake la ntchito, osati ngati ndale. Malipiro amene afufutidwa m'buku koma atuluka kubanki ndi chinthu chimene rikonsiliyeshoni yochitidwa panthawi yake, ndi munthu wosakhudzidwa, imayenera kuchiona mwezi womwewo. Ndipo funso loti ndani ali ndi mphamvu yofufuta zolembedwa pa kompyuta, komanso ngati anthu amabwerekana mapasiwedi, ndi funso la akauntanti, si la anyamata a makompyuta okha.

Mafunso ena a mbali imeneyi amayankhika mwachangu. Wogulitsa akatumiza imelo yoti wasintha akaunti ya kubanki, musalipire musanamuimbire pa nambala imene munali nayo kale, osati imene ili pa imeloyo. Akafunsa za ogwira ntchito ongopeka pa mndandanda wa malipiro, njira ndi kuyerekeza mwezi uno ndi watha, kufotokoza kusintha kulikonse ndi kalata yochokera ku ofesi yolemba anthu ntchito, ndi kuona ngati pali mayina awiri olandirira pa akaunti imodzi.

Tsono za masiku. Akauntanti wa ku Malawi amakhala ndi masiku awiri amene sasuntha. Msonkho wodulidwa pa malipiro a ogwira ntchito, PAYE, pamodzi ndi msonkho umene kampani imadula polipira ena, uyenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Lipoti ndi malipiro a VAT ndi pofika pa 25. Kuchedwa kumabweretsa chindapusa ndi chiwongoladzanja. Wofunsidwa wosadziwa masiku awiriwa amavutika kukhulupiriridwa pa zina zonse. Koma funso lenileni silikhala la kalendala. Limabwera chonchi: "Mayi, lero ndi pa 13. PAYE sinatumizidwe, bwana akufuna lipoti la mwezi mawa m'mawa ku bodi, maodita akufuna mafayilo, ndipo rikonsiliyeshoni yanu ikusiyanabe ndi K45,000. Muyamba chiyani?"

Kunena kuti "ndimagwira bwino ntchito ndikapanikizika, ndigona mu ofesi" sikuyankha kanthu. Ofunsa akufuna kumva kusanja ndi chifukwa chake. PAYE ikhale yoyamba, popeza tsiku lake ndi la lamulo, kuchedwa kwake kumadya ndalama, ndipo siidalira rikonsiliyeshoni ija. Maodita akhoza kuuzidwa lero lomwe kuti mafayilo adzawapeza pa 15, ndipo ambiri amavomera akauzidwa nthawi isanakwane. Lipoti la ku bodi lipite, koma K45,000 yosapezekayo isabisidwe. Ikhoza kuikidwa kwa kanthawi mu akaunti ya saspensi, imene imasungira zinthu zosadziwika kwawo, ndipo pa lipotilo palembedwe poyera kuti pali ndalama yakuti imene ikufufuzidwa, ndi tsiku limene yankho lidzapezeke. Kusiyana kwa zimenezi ndi nyambo ija ya K4,500 n'kwakuti apa aliyense akuona kuti funso lilipo. Saspensi imaopsa ikasanduka nkhokwe, zinthu n'kumagonamo miyezi popanda wozifunsa, ndipo maodita amayamba kuyang'ana kumeneko.

Yankholi limakoma kwambiri wofunsidwa akawonjezera mmene angapewere kuti pa 13 pasadzakhalenso chonchi. Popeza sitetimenti tsopano imapezeka pa intaneti tsiku lililonse, palibe chifukwa chodikira mwezi kutha. Woyanjanitsa buku ndi banki Lachisanu lililonse amafufuza K45,000 m'mizere makumi asanu ndi awiri, zinthu zikadali m'mutu mwa amene anazilemba, m'malo mwa mizere mazana atatu.

Funso lovuta kuposa onse limasungidwa kumapeto, ndipo nthawi zina amalifunsa ndi bwana wamkulu mwiniwake. "Ndikakuuzani kuti mulipire invoisi iyi lero, mapepala ena ndibweretsa mawa, mutani?" Pachikhalidwe chathu kukanira wamkulu pamaso n'kolemera, ndipo wofunsidwa amaopa kuti akati ayi ntchito yamupita. Ena amagwa mbali inayo, n'kuyankha mwaukali ngati akuimba bwanayo mlandu. Njira yapakati ilipo ndipo ndi yaulemu. Munthu akhoza kunena kuti, "Bwana, ndiyamba ndafunsa chimene chikusowa ndi chifukwa chake, mwina ndikhoza kuthandiza kuchipeza lero lomwe. Ngati ndi zadzidzidzi zenizeni ndipo malamulo a kampani amalola, ndipempha kuti mundilembere chilolezo, wosainira wachiwiri adziwe kuti mapepala sanakwane, ndipo ndidzawalondola mawa. Koma ngati palibe umboni uliwonse woti katunduyo anabwera, sindikonza malipirowo, ndipo ndikufotokozerani chifukwa chake m'kalata." Akafunsanso kuti nanga bwanayo akaumirira, wofunsidwa atchule kumene nkhaniyo ingapite: kwa odita wa mkati mwa kampani, kapena ku komiti ya bodi yoona za ndalama. Chimodzimodzi ngati apemphedwa kulemba invoisi ya Julayi ngati ya Juni kuti phindu la mwezi lioneke bwino. Tsiku limene katundu anaperekedwa lili pa pepala lolandirira katundu, ndipo ndi limenelo limene limanena mwezi umene invoisiyo ilowe.